Zinthu zitatu zosamalira nkhope ndi K350 ya mwana wa sukulu

Anzanga amene mwangoyamba koleji muno mu Chipata, makamaka inu a m'mabodingi hausi amene mumafunsa choti mudzole ziphuphu zikabuka: zofunika ndi zitatu basi. Chosambira kumaso, mafuta ofewetsa khungu, ndi sanisikirini, mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Tiyerekeze kuti pa ndalama imene atumiza kunyumba, mutachotsa ya lendi, ufa, makala ndi mabando, mwatsala ndi K350. Ine ndingaigawe motere: K200 ya sanisikirini, K100 ya chosambira, K50 ya mafuta. Mitengo imasinthasintha, ndiye musanatulutse ndalama yambani mwazungulira m'makemisti ndi m'masitolo akuluakulu a m'tauni. Koma kagawidwe kake kakhale komweko, chigawo chachikulu chipite kwa sanisikirini.

Ndikudziwa kuti ena mwaseka kale: munthu wakuda ndi sanisikirini, wapi ndi wapi? N'zoona kuti khungu lathu silipsa msanga ndi dzuwa. Koma dandaulo la ambiri a ife si kupsa, ndi timadontho takuda totsala chiphuphu chikapola. Khungu lakuda likavulala pena pake limatulutsa utoto wochuluka pamalopo, ndipo dzuwa limaonjezera kudako. Ndiye chiphuphu cha sabata imodzi chimasiya chipsera cha miyezi. Chipata ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, komanso sitili kutali kwenikweni ndi ikweta, choncho dzuwa lathu ndi laukali chaka chonse, osati mu Okutobala mokha. Ngakhale kuli mitambo ya dzinja, cheza chake chimadutsabe. Wopita ku kalasi wapansi kapena pa njinga ya hayala amalilandira lonse kumaso.

Pa botolo yang'anani zinthu ziwiri: SPF, nambala yosonyeza mphamvu yake yotchinga dzuwa, ikhale 30 kapena kuposa apo, ndi zilembo za UVA, zosonyeza kuti imatchinganso cheza cholowa mkati mwa khungu. SPF 30 imatchinga pafupifupi 97 peresenti ya cheza cha UVB chimene chimapsereza khungu, pamene SPF 50 imatchinga 98. Kusiyana kwake n'kochepa, musakongole ndalama chifukwa cha nambala yaikulu. Yang'ananinso tsiku lotha ntchito. Masanisikirini okhala ndi zinki kapena titaniyamu nthawi zambiri amasiya mbuu pa khungu lakuda, ukuoneka ngati wachokera kuchigayo. Ngati n'kotheka yesani pang'ono pa dzanja, kapena funsani mnzanu amene ali nayo kale, chifukwa sanisikirini yokuchititsani manyazi idzangokhala m'sutikesi.

Muyeso wake ndi mizere iwiri, wina pa chala cholozera, wina pa chala chapakati, kuyambira patsinde mpaka kunsonga. Imeneyo ndiyo ya nkhope ndi khosi. Apa ndi pamene masamu amapweteka. Nkhope yokha imadya pafupifupi kota ya supuni yaing'ono, mamililita 1.25, ndiye kachubu ka 50 ml katha m'masiku 40. Chifukwa chake pa K200 yanu musathamangire kachubu kokongola kolembedwa kuti n'ka kumaso. Botolo lalikulu la thupi lonse limagwira ntchito kumaso bwinobwino ngati silikukuyabwani, ndipo pa mililita limatsika mtengo. Awiri a m'chipinda chimodzi mutha kusonkherana. Mukakhala panja nthawi yaitali, monga tsiku la masewera kapena pa Nc'wala ku Mtenguleni, dzolaninso pakatha maola awiri. Tsiku lokhala m'kalasi, ya m'mawa ija pamodzi ndi ambulera kapena chipewa pobwerera zikuthandizani kuti botolo lichedwe kutha. Musaliike pa windo pomwe pamawomba dzuwa, kutentha kumaliwononga.

Za chosambira sinditaya nthawi. Sopo wa m'tanda wochapira zovala, ngakhale sopo wosambira wamba, ali ndi pH ya 9 kapena 10, pamene khungu lili cha pa 5.5. Ndiye chifukwa chake nkhope imakokeka mukatha kusamba. Kukokeka kumeneko si ukhondo, ndi khungu louma. Gulani chosambira chofatsa, chopanda perefyumu wamphamvu ndiponso chopanda timchenga tokwecheza. Kadontho kofanana ndi nsawawa n'kokwanira, ndipo botolo limodzi likhoza kukufikitsani kumapeto kwa temu. Kukwecha ndi shuga, mandimu, soda kapena mankhwala otsukira mano, zonsezo zisiyeni. Mukungotsegula mabala atsopano amene adzada.

Mafuta ndiye musawonongerepo ndalama. Losheni wamba wopepuka, wopanda fungo lambiri, wokhala ndi gilisarini, ndi wokwanira. Gilisarini amakoka madzi kuwasunga pa khungu, vaselini amatsekera kuti madziwo asathawe. N'chifukwa chake mafuta amadzoledwa nkhope ikadali yonyowa pang'ono, osati itauma gwa. Mu Juni ndi Julaye, mphepo ikayamba kung'amba milomo, onjezerani kavaselini kochepetsetsa usiku pa malo otuwa okha. A khungu lamafuta, nanunso dzolani, koma pang'ono. M'nyengo yotentha, ngati sanisikirini yanu ndi yonona kale, m'mawa mutha kudumpha losheniyo.

Ndondomeko yake ndi iyi. M'mawa sambani kumaso ndi madzi ozizira kapena ofunda pang'ono (a khungu louma madzi okha akwanira), dzolani mafuta, dikirani alowe, kenako sanisikirini mphindi 15 musanatuluke. Ngati mumapaka paudala, abwere pamwamba. Usiku chosambira chisadumphidwe, ngakhale mwawerenga mpaka pakati pa usiku kapena magetsi apita, chifukwa fumbi, thukuta ndi sanisikirini zonse zili pamenepo. Mukatero mafuta, n'kugona. Thaulo la kumaso likhale lanulanu, ndipo pilokesi muzichapa sabata iliyonse. Mafuta a m'tsitsi akamatsikira pamphumi amabweretsa tiziphuphu ting'onoting'ono, choncho mangani duku pogona.

Musayambe zonse zitatu tsiku limodzi. Chilichonse chatsopano yesani kaye kuseri kwa khutu masiku angapo, ndipo musiyanitse ndi sabata musanaonjezere china, kuti chikakuyabwani mudziwe cholakwa. Zotsatira musaziyembekezere Lachisanu lomwelo. Ziphuphu zimafuna masabata 6 mpaka 8 kuti muone kusintha, ndipo timadontho takuda timatenga miyezi.

Pa kudikira pomwepa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Mnzako akubwera ndi kachubu kotchipa ka pamsika, kapena mafuta osakaniza okha a m'kabotolo kopanda dzina, akuti m'masabata awiri madontho onse atha. Athadi, ndipo nkhope iyera. Koma mafuta oyeretsa ambiri amakhala ndi masiteroyidi amphamvu, haidirokwinoni kapena mekyule. Siteroyidi amapyapyalitsa khungu mpaka timitsempha kuonekera, amabweretsa ziphuphu zina, ndipo mukasiya nkhope imayaka. Haidirokwinoni wodzola nthawi yaitali amatha kusiya mawanga akuda bii m'masaya, ovuta kwambiri kuchotsa. Mekyule amafika mpaka ku impso. Chubu cha siteroyidi ndi mankhwala, choyenera kulembedwa ndi dokotala, si mafuta odzola.

Mwezi wina ndalama sidzakwana, zimachitika. Pamenepo sungani sanisikirini, losheni mubwerekane ndi ya thupi, ndipo chosambira chisiyireni cha usiku wokha. Koma ngati ziphuphu zanu ndi zazikulu, zopweteka, zokhala ndi mafinya mkati kapena zosiya maenje, kapena ngati mwakhala mukudzola mafuta oyeretsa kwa miyezi ndipo mukufuna kusiya, zitatu izi sizingakwanitse zokha. Pitani ku kiliniki ya pafupi, ndipo mutenge machubu onse amene mwakhala mukudzola kuti akawaone.