Mapointi Anu Atha pa 31 Disembala: Bwerani Muwagulire Zinthu Asanafufutidwe

Okondedwa mamembala athu onse amene muli ndi khadi la mapointi,

Mapointi onse amene munapeza kuyambira pa 1 Disembala 2024 mpaka pa 30 Novembala 2025 asiya kugwira ntchito Lachitatu, pa 31 Disembala 2025, nthawi ya 6 koloko madzulo, pamene masitolo athu onse a ku Lilongwe, Blantyre, Limbe, Zomba ndi Mzuzu adzatseke. Nthawi imeneyo ikakwana makina amawafufuta okha, ndipo ngakhale manijala wa sitolo sangathe kuwabwezeretsa. Mapointi amenewa ndi ndalama zanu ndithu, munawasonkhanitsa pang'onopang'ono pogula mchere, sopo ndi buledi chaka chonse, ndiye sitikufuna kuti atayike muli chiyang'anire.

Mapointi amene mupeze m'mwezi uno wa Disembala sakukhudzidwa, awoloka nanu kulowa mu 2026. Komanso mukamalipira, makina amayamba kuchotsa mapointi akale kwambiri, choncho musade nkhawa kuti mwina atenga atsopano n'kusiya amene akutha.

Kodi mapointi anu ndi ndalama zingati?

Pa K500 iliyonse imene mwagula mumapeza pointi imodzi, ndipo pointi imodzi imachotsa K5 pa ndalama zimene mukuyenera kulipira. Tiyerekeze banja limene limagula zinthu za K150,000 mwezi uliwonse. Limeneli limapeza mapointi 300 pamwezi, ndipo pa miyezi 12 amakwana 3,600, zomwe ndi K18,000. Anthu ambiri amaona nambala ija pansi pa lisiti n'kumaiona ngati yopanda ntchito, pomwe ndalama imeneyi ingapepuze kwambiri zogula za Khirisimasi.

Kuyambira Lolemba pa 1 mpaka Lamlungu pa 14 Disembala, pointi imodzi ikhala K7 m'malo mwa K5 mukaigwiritsa ntchito pa mpunga wa Kilombero, mafuta ophikira, shuga, ufa wophikira mandasi ndi makeke, masamba a tiyi, sopo wochapira, makope ndi zolembera. Mapointi 3,600 aja pamenepa akhala K25,200, kusiyana kwake K7,200. Zinthu zimenezi muzizindikira ndi kapepala kofiira komwe tamata pa shelefu pafupi ndi mtengo. Kuyambira pa 15 Disembala pointi ibwerera pa K5. Tachita dala kuika mwayi umenewu kumayambiriro kwa mwezi chifukwa masiku amenewo mizere imakhala yaifupi ndipo katundu amakhala wodzaza m'mashelefu.

Onani kaye kuti muli ndi angati

Yang'anani kumunsi kwa lisiti lanu laposachedwa. Pali mizere iwiri. Wolembedwa kuti POINTS BALANCE ukusonyeza mapointi anu onse, pamene wolembedwa kuti EXPIRING 31/12/25 ukusonyeza amene atha pa 31 Disembala. Mzere wachiwiriwu ndi umene muyenera kuusamala. Ngati lisiti munataya kapena lafufutika, perekani khadi lanu pamalo aliwonse olipirira kapena patebulo lothandizira makasitomala ndipo akuuzani, ngakhale musanagule kanthu. Tikutumizanso uthenga wa pafoni pa 1, pa 10 ndi pa 22 Disembala ku nambala imene munalembetsa.

Polipira muchite chonchi

Perekani khadi wolandira ndalama asanayambe kuwerengera katundu wanu, ndipo mumuuze nthawi yomweyo kuti mukufuna kugwiritsa ntchito mapointi. Akamaliza kuwerengera akuuzani mapointi amene muli nawo, inu munene kuti achotsepo angati: onse kapena gawo chabe. Ochepetsetsa amene mungagwiritse ntchito nthawi imodzi ndi 200, omwe ndi K1,000. Kenako lembani nambala yanu yachinsinsi ya manambala anayi pa kamakina kamene kali pakauntala. Ndalama yotsala mulipire mmene mumalipirira nthawi zonse, kaya ndi ndalama zapamanja, khadi la ku banki, Airtel Money kapena TNM Mpamba. Musanachoke, onani pa lisiti kuti mapointi achotsedwadi.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi kutchula za mapointi lisiti litatuluka kale. Lisiti likatuluka ndiye kuti malonda atsekedwa m'makina. Kuti mapointi alowemo pamafunika kuitana woyang'anira, kufufuta zonse, kutulutsa katundu m'majumbo n'kuyambiranso kuwerengera chimodzichimodzi, anthu a pamzere akudikira. Ndipo ngati munalipira pafoni kapena pa khadi la ku banki, ndalama zanu sizibwerera tsiku lomwelo. Kungonena kuti "ndilipira ndi mapointi" koyambirira kuja kumapewetsa zonsezi.

Mapointi sasinthidwa kukhala ndalama zapamanja ndipo sabweza chenji. Sagulira mowa, fodya, mayunitsi a foni kapena a magetsi. Gawo limene mwalipira ndi mapointi silibweretsa mapointi ena, koma gawo limene mwalipira ndi ndalama limabweretsa monga mwa masiku onse.

Ngati mapointi anu sakukwana 200

Musawasiye. Onjezerani pogula zinthu zimene mukanagulabe. Amene ali ndi 160, mwachitsanzo, akusowa 40, ndipo amenewa amapezeka pogula katundu wa K20,000. Koma dziwani kuti mapointi atsopano amaoneka pa khadi pakadutsa maola 24, chifukwa masitolo onse amatumiza mawerengero awo ku likulu usiku akatseka. Ndiye kuti simungagule m'mawa pa 31 Disembala n'kuyembekeza kuti mapointi a tsiku lomwelo akwaniritse 200 madzulo ake. Tsiku lomaliza lowonjezera ndi Lolemba pa 29 Disembala kuti mukhale ndi mpata wokwanira.

Njira ina ndi kuphatikiza makhadi a m'banja limodzi. Ngati bambo ali ndi 120 ndipo mayi ali ndi 150, paokhapaokha palibe angagule kanthu, koma akaphatikiza akhala 270, omwe ndi K1,350. Eni makhadi onse awiri abwere limodzi ndi ziphaso zawo za unzika kudzasaina fomu patebulo lothandizira makasitomala. Kuphatikizaku kumatenga masiku atatu ogwira ntchito, ndipo mafomu tisiya kulandira Lachisanu pa 19 Disembala.

Khadi lotayika, nambala yoiwalika, foni yosintha

Khadi likatayika mapointi satayika nalo limodzi, amakhala pa dzina lanu. Bwerani ndi chiphaso cha unzika, titseke lakale n'kukupatsani latsopano pa K1,000. Mapointi amasamukira pa khadi latsopanolo pakadutsa masiku awiri ogwira ntchito. Apa mpofunika kuwerenga masiku bwino, chifukwa pa 25 ndi pa 26 Disembala ndi tchuthi, ndipo pa 27 ndi pa 28 ndi Loweruka ndi Lamlungu, masiku amene ofesi yoona za makhadi sigwira ntchito. Amene adzabwere pa 30 kudzanena za khadi lotayika sadzawapeza mapointi ake nthawi isanathe. N'chifukwa chake tikupempha kuti nkhani zonse za makhadi zithe pofika pa 19 Disembala.

Mukalakwitsa nambala yachinsinsi katatu, khadi limatsekeka kwa maola 24. Tinachita zimenezi pofuna kukutetezani kwa munthu amene watola khadi lanu n'kumayesa manambala. Ngati mwalakwitsa kawiri, lekani kaye, pitani patebulo lothandizira makasitomala akutumizireni nambala ina pafoni yanu. Vuto limabwera kwa amene anasintha nambala ya foni osatiuza, chifukwa uthengawo umapita ku nambala yakale ija. Ngati ndi choncho, bweretsani chiphaso cha unzika ndi foni yomwe mukugwiritsa ntchito panopa, tikonza mukudikira.

Mukatuma mwana kapena wantchito ndi khadi lanu, atha kuonjezera mapointi pogula, koma kuwagwiritsa ntchito kumafuna nambala yachinsinsi. Musailembe kumbuyo kwa khadi.

Bwanji osadikira tsiku lomaliza?

Mapointi sasungidwa m'makina a sitolo imodzi, amasungidwa ku likulu. Nthawi iliyonse imene mukulipira nawo, makina a pakauntala amayenera kufunsa ku likuluko kudzera pa netiweki. Nyengo ino ya mvula netiweki imadukaduka, makamaka kukachita mphepo ndi ziphaliwali kapena magetsi akathima, ndipo ikaduka timatha kulandira ndalama zapamanja koma mapointi ayi. Izi zikakuchitikirani pa 8 Disembala mubweranso mawa lake. Zikakuchitikirani pa 31 nthawi ya 5 koloko madzulo, mpata wobwereranso palibe. Masiku amene sitolo imadzaza kwambiri ndi pa 23, pa 24, pa 30 ndi pa 31. Ngati mungathe, bwerani masiku amenewa asanafike, Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa pakati pa 8 ndi 10 koloko. Pa 25 Disembala masitolo athu onse adzakhala otseka.

Palinso nkhani yobweza katundu. Mukabweza chinthu chimene munagula ndi mapointi, timabweza mapointi omwewo ndi tsiku lawo lothera lomwe lija. Choncho ketulo imene munagula ndi mapointi akale pa 28 Disembala, mukaibweza pa 3 Januwale tikusinthirani ndi ina kapena ndi katundu wa mtengo wofanana, koma mapointiwo sangabwererenso pa khadi.

Mugule chiyani?

Malangizo athu ndi oti mapointi muwaike pa zinthu zosachedwa kutha m'nyumba koma zochedwa kuwonongeka. Mpunga, mafuta ophikira, shuga, mchere, nyemba ndi sopo zikhala mpaka Januwale, mwezi umene ndalama zimakhala zitapita ku feteleza, ku fizi ndi ku yunifomu za ana. Makope ndi zolembera mukagula panopa pa K7 pointi imodzi, sukulu ikamatsegulidwa mudzakhala mutachotsapo kale mtolo umodzi. Mpunga ndi ufa muziike pamalo okwera, osati pansi pa simenti, chifukwa chinyezi cha dzinja chimaumbitsa nkhungu msanga. Nkhuku ndi nyama za Khirisimasi mungagulenso ndi mapointi pa K5, koma ngati kwanu magetsi amathimathima musazigule kudakali milungu iwiri. Gulani zouma kaye, za mufiriji mudzatenge kwatsala masiku awiri kapena atatu.

Chenjerani ndi akamberembere

Nyengo ngati ino kumachuluka anthu oimba foni n'kumanena kuti ndi a ku sitolo, akufuna "kukutalikitsirani" mapointi kapena kuti mwapambana mphoto, bola mutumize kandalama kapena muwauze nambala yachinsinsi. Ife sitiimbira munthu kufunsa nambala yachinsinsi ya khadi, ya ku banki kapena ya ndalama za pafoni, ndipo palibe ndalama imene ingatalikitse tsiku la 31 Disembala. Mukalandira foni yotere idulani, ndipo mukabwera kudzagula mutionetse nambala imene inakuimbiraniyo.

Lero lomwe, pezani khadi lanu, onani mzere wa EXPIRING 31/12/25 pa lisiti, ndipo mubwere pasanadutse pa 14 Disembala pointi idakali pa K7. Masitolo athu amatsegula 8 koloko m'mawa mpaka 7 koloko madzulo kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, ndipo Lamlungu amatseka 2 koloko masana, koma pa 31 Disembala adzatseka 6 koloko madzulo.

Tikukufunirani Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano cha mtendere.

Gulu loona za khadi la mapointi