Malume, ndilembereni mafunso a mutu wa mtsinje wa Shire

Malume,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Nchalo pamodzi ndi azakhali. Kuno ku Bangula tonse tili bwino, kungoti dzuwa lanyanya, moti agogo akugona panja pa mphasa mpaka mbandakucha.

Ndili ndi pempho. Lachisanu sabata yamawa tilemba mayeso a jogalafe, ndipo mutu umene ukundisowetsa mtendere ndi wa mtsinje wa Shire ndi ntchito zake. Chonde ndilembereni mafunso oti ndiziyesera ndekha madzulo. Inu mwaphunzitsa zaka zambiri, mukudziwa mmene amafunsira.

Bukulo ndilibe. Timagawana limodzi anthu asanu ndi mmodzi, belu likalira aphunzitsi amalitsekera m'kabati. Ndinakopera zina m'kope langa, koma tsiku lina ndikuchokera kudimba linanyowa m'bwato, inki yonse n'kuyenderera. Ndiye ndingokuuzani zimene zatsala m'mutu.

Ndikukumbukira kuti Shire amatuluka m'nyanja ya Malawi cha ku Mangochi, n'kudutsa m'nyanja ya Malombe, ndipo amakathira mu Zambezi ku Mozambiki. Ku Liwonde kuli zitseko zowongolera madzi. Magetsi amapangidwa pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira chifukwa pamenepo madzi amagwa pa mathithi mwamphamvu. Apa sindivutika, nditha kungoloweza.

Pondivuta ndi pa kusefukira kwa madzi. Ndi maso ndinaziona ndithu: mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, tinagona pasukulu, mbuzi titazimanga pa mpanda. Ndikudziwanso kuti namondwe wa Ana anawononga pa Kapichira mu Januwale 2022 ndipo magetsi anavuta dziko lonse. Koma akandifunsa kuti ndifotokoze chifukwa chake, ndimangolemba kuti mvula inachuluka, aphunzitsi n'kundipatsa theka la malikisi. Amafuna ndinene kuti chigwa chathu n'chotsika ndi chathyathyathya, kuti Ruo amatsika ndi madzi a ku Mulanje n'kukumana ndi Shire pa Chiromo, komanso kuti mitengo ikadulidwa kumtunda dothi limakokoloka n'kukwirira mtsinje. Pakamwa ndimatha kunena, koma ndikagwira cholembera zimabalalika. Mafunso ambiri akhale a pamenepa, ofuna kufotokoza, osati ongosankha yankho. Muikepo ndi lojambula mapu, chifukwa nthawi zonse dambo la Ndindi ndimaliika malo olakwika.

Mayankho musalembe pa pepala lomwelo, ndimadzidziwa kuti ndisuzumira. Ndikayankha ndidzakutumizirani kuti muchonge ndi cholembera chanu chofiira chija.

Mutha kujambula pepalalo n'kutumiza pa foni ya amayi, amaitchajitsa kumsika Lolemba. Kapena mupatsire achimwene akamabwera ndi minibasi Loweruka. Amayi akuti pobwerera adzawapatsira milamba youma ya azakhali.

Ndine mdzukulu wanu,
Tadala