Kalata yopempha setifiketi ya ntchito ndi kalata ya umboni

Madalitso Kambalame
Mponela, Dowa

21 Okutobala 2024

Bwana Manijala
Sitolo ya zipangizo za ulimi
Mponela

Okondedwa Bwana,

PEMPHO LA SETIFIKETI YA NTCHITO NDI KALATA YA UMBONI

Monga mukudziwa, ndinapereka notisi ya mwezi umodzi pa 30 Seputembala, ndipo tsiku langa lomaliza kugwira ntchito pano ndi Lachinayi pa 31 Okutobala 2024. Ndisanatsanzike, ndikupempha kuti mundilembere makalata awiri.

Yoyamba ndi setifiketi yosonyeza kuti ndinagwira ntchito pano. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, pa gawo 31, limati wantchito akapempha setifiketiyi pamene ntchito yatha, olemba ntchito ayenera kumupatsa. Mmenemo mumalembedwa dzina ndi adiresi ya kampani, bizinesi yomwe kampaniyo imachita, nthawi yomwe munthu wagwira mosalekeza, udindo wake ndi malipiro omwe amalandira pochoka. Chifukwa chochokera chimalembedwa pokhapokha mwiniwake atafuna. Ine ndikufuna chilembedwe, kuti aliyense wowerenga adziwe kuti ndasiya ndekha nditapereka notisi, osati ndachotsedwa.

Pali mfundo imodzi yomwe ndikupempha kuti muyiyang'ane bwino, Bwana. Ndinayamba ntchito pa 1 Malichi 2019 ngati wogulitsa pa kauntala. Mu Ogasiti 2021, amene ankasunga katundu atapuma pa ntchito, munandiitana mu ofesi n'kundipatsa makiyi a nyumba yosungiramo katundu. Malipiro anakwera mwezi womwewo, koma kalata yondikweza sinalembedwe, poti inali nthawi yoti matumba a feteleza ayamba kufika ndipo tonse tinali pakalikiliki. Mpaka lero pepala langa la malipiro limati "Shop Assistant". Kumene ndikufunsira ntchito ku Lilongwe akufuna munthu amene wasungapo katundu kwa zaka zosachepera zitatu. Zaka zitatuzo ndazikwanitsa, koma setifiketi ikangotsata zomwe zili pa pepala la malipiro, zidzaoneka ngati sindinasungepo katundu ngakhale tsiku limodzi. Choncho ndikupempha kuti maudindo onse awiri alembedwe, uliwonse ndi nthawi yake: "Shop Assistant" kuyambira Malichi 2019 mpaka Julayi 2021, ndi "Stores Clerk" kuyambira Ogasiti 2021 mpaka Okutobala 2024. Umboni ulipo. Makadi onse a sitoko kuyambira nthawi imeneyo ali ndi siginecha yanga, ndipo ali m'mafayilo a buluu pa shelefu ya pamwamba.

Kalata yachiwiri ndi ya umboni wa khalidwe ndi kagwiridwe kanga ka ntchito. Imeneyi ndikungopempha mwa kukoma mtima kwanu, ndipo ndingakonde kuti muyisayine inuyo, chifukwa ndinu amene mwandiona tsiku ndi tsiku. Sindikufuna mawu ondikometsera. Mungolemba zomwe mukuzidziwa: kuti ndinkalandira katundu ndi kuwerenga thumba lililonse la NPK ndi Yuriya lole isanachoke, kuti ndinkalemba zolowa ndi zotuluka tsiku lomwelo, kuti mbewu ya chimanga ndinkayamba kutulutsa yomwe inafika kale kuti isakhalitse, komanso kuti mankhwala ophera tizilombo ankakhala m'chipinda chawochawo chokhoma. Mukatchulanso zoti ndinaphunzitsa anyamata awiri aja kulemba makadi a sitoko ndi kugwiritsa ntchito Excel, zindithandiza kwambiri. Nkhani ya kukhulupirika pa katundu ndi ndalama ndiyo imene olemba ntchito amayamba kufunsa kwa munthu wosunga makiyi, ndipo pamenepo ndasiyira inu kuti munene monga mwandionera.

Makalata onsewa akhale a m'Chingerezi, papepala la dzina la kampani, osayinidwa komanso odinda chidindo. Tsiku lomaliza kulandira makalata ofunsira ntchitoyo ndi Lachisanu pa 8 Novembala, motero ndingathokoze nditawalandira pa tsiku langa lomaliza. Ndikupemphanso chilolezo choti ndilembe dzina lanu pa anthu amene angafunsidwe za ine, poti mwina adzakuimbirani foni.

Kumbali yanga, ndakonza zoti tiwerenge katundu yense Lachiwiri pa 29 Okutobala pamodzi ndi amene alowe m'malo mwanga ndi a akawunti. Makiyi, mabuku, ovolosi ndi magambutsi ndidzapereka tikasayinirana. Ngongole ya adivansi ndinamaliza kubweza mu Juni. Zotsala ndi masiku anga atchuthi omwe sindinapume chaka chino ndi mapepala a penshoni, zomwe ndikambirana ndi a akawunti sabata ino.

Zikomo chifukwa cha zaka zomwe ndagwira nanu ntchito. Ndinabwera ndi MSCE yokha, kusunga katundu ndaphunzirira pano, ndipo sindidzaiwala mmene munandithandizira ndi galimoto pa maliro a bambo anga.

Ine wanu wokhulupirika,

Madalitso Kambalame
Wosunga katundu