Umboni wa katundu amene tinatsitsa Lachiwiri: tikupempha mutsimikize kuti munalandira

Zikomo bambo oyang'anira sitolo ku Nkhotakota,

Tikukutumizirani chithunzi cha chikalata choperekera katundu nambala 0417, cha oda yanu imene ili pa invoisi 2286. Lole inanyamuka kudepoti kuno ku Salima Lachiwiri masana, ndipo inatsitsa katundu pakhomo la kuseri kwa sitolo yanu cha m'ma 5 koloko madzulo.

Amene tinapakira ndi uyu: mabelo 40 a shuga (belo lililonse mapaketi 20 a 1 kg), zigubu 15 za mafuta ophikira za malita 20, makatoni 25 a sopo wamtanda, ndi matumba 10 a mchere a 50 kg.

Vuto lili pa chikalatacho. Mukachiona mupeza kuti anasaina ndi mnyamata wogulitsa pakauntala, poti osunga katundu anali ataweruka. Palibe chidindo cha sitolo, ndipo malo olembapo chiwerengero cha katundu wolandiridwa sanalembepo kanthu. Siginecha yotere imangosonyeza kuti lole inafika, osati kuti katundu anakwana. Kuno sititseka nayo invoisi, ndipo mwini lole sitimulipira mpaka inu mutavomereza.

Ndiye chonde, osunga katundu awerenge okha asanayambe kuika pamashelefu, chifukwa akasakanikirana ndi wakale palibenso angadziwe chimene chaperewera. Shuga makamaka aunikidwe bwino. Dalaivala wanena kuti mvula inawapeza atangodutsa pa Chia ndipo lona inafunuka chakumbuyo. Akuganiza kuti mabelo awiri ananyowa. Belo limatha kuoneka labwinobwino kunja pamene mapaketi apansi agwirana ngati mwala, choncho alitembenuze ndi kulipapasa. Zigubu aone ngati zivindikiro sizinatsegulidwepo komanso ngati pansi sipakudontha. Mchere auyeze pasikelo, ngakhale matumba atatu okha.

Zonse zikakhala bwino, lembani kuti "talandira zonse" papepala lachiwiri limene dalaivala anakusiyirani, muikepo tsiku, musaine, mudinde chidindo, kenaka mujambule n'kutitumizira pa WhatsApp panambala yomweyi. Chithunzi chionetse pepala lonse, nambala ya pamwamba isaduke. Ngati china chaperewera kapena chaonongeka, lembani pomwepo kuti n'chiyani ndipo n'zingati, mujambulenso katunduyo. Woonongekayo musamugulitse motsitsa mtengo kapena kumutaya. Muikeni padera, tidzamutenga.

Yankho litipeze lisanakwane Lachisanu 12 koloko masana. Lole ibweranso kumeneko Loweruka m'mawa popita ku Dwangwa, ndipo tikufuna wolowa m'malo mwa woonongekayo akwere yomweyo kuti musasowe shuga pamapeto a mwezi. Pepala lenilenilo lodindidwa mudzapatse dalaivala tsiku lomwelo.

Ndife anu,
A ofesi yotumiza katundu, Salima