Kalata yopepesa kujomba kwa Chisomo Banda

Mufakose, Harare
Lolemba, 9 Juni 2025

Okondedwa Aphunzitsi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ine ndine mayi ake a Chisomo Banda wa m'kalasi mwanu, Giredi 6. Ndalemba kukudziwitsani kuti Chisomo sabwera kusukulu kuyambira lero mpaka Lachisanu.

Mlongo wake wamng'ono, Madalitso, wa zaka 4, wadwala chibayo ndi kuzizira kwayambaku. Loweruka usiku thupi linatentha kwambiri, akupuma mobanika, ndiye tinathamangira naye kuchipatala. Sanamugoneke, koma anatipatsa mankhwala oti azimwa katatu pa tsiku osadumphitsa, ndipo anati asasiyidwe yekha. Bambo awo ali ku Joni. Ine ndimalawirira ku Mbare Musika kukapikula ndiwo zamasamba zogulitsa, ndipo ndikajomba m'nyumba mulibe chakudya, ngakhale ya lendi siipezeka. Azakhali awo amene akanandithandiza anapita kumaliro ku Dedza, abwera Loweruka. Choncho Chisomo ndiye azimuphikira phala, kumumwetsa mankhwala ndi kumufunditsa mpaka ine nditabwerako masana.

Zikundiwawa mumtima, Aphunzitsi, chifukwa mwanayu amakonda sukulu, ndipo dzulo analira nditamuuza. Chonde musamuyese wojomba dala. Ngati n'kotheka, ntchito ya masamu ndi Chingerezi muzimupatsira Tendai, amene wabweretsa kalatayi, timakhala moyandikana. Madzulo ndizionetsetsa kuti walemba.

Mulungu akalola, abwera Lolemba pa 16 Juni. Mundipepeserekonso kwa ahedi.

Ine kholo,
Mayi Banda