Mawu a bambo ake a Tadala pa tsiku la ukwati

Zikomo atcheya. A mfumu, abusa, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, asebere athu amene mwachoka ku Malindi ndi m'mawa, abale ndi alongo nonse, ndakulandirani kuno ku Makawa. Andipatsa mphindi 3. Amayi akunyumba andichenjeza kale kuti ndikapitirira andikoka jekete, ndiye ndiyesetsa.

Tadala, mwana wanga. Ndiloleni abale kuti lero ndimutchulebe kuti iwe. Kuyambira mawa ndi mayi wa pakhomo pake, ndidzayamba kunena kuti inu. Koma dzuwa la lero lisanalowe, akadali kamtsikana kanga.

Ndili ndi nkhani imodzi yokha. Mwina iwe unaiwala.

Munali mu Julaye, chaka cha 2005, uli ndi zaka 7. Tinalowa m'nyanja madzulo kukapha usipa, nyali zili m'mabwato, nyanja ili zii. Pakati pa usiku mwera unadzuka. Asodzi muli pano mukuudziwa mwera wa Julaye, sufunsa kuti kunyumba wasiya ndani. Nyali zinazima, chilimira tinachikoka chopanda kanthu, ndipo mphepo inatikankhira kutali ndi doko lathu. Tinayenera kufika m'bandakucha. Tinafika dzuwa lili pamutu, manja atatupa ndi nkhafi, nsomba ngakhale imodzi ayi.

Pagombe panali anthu ambiri, amayi ena akulira. Ine maso anga anagwera pa kamwana kali m'yunifomu ya sukulu, kopanda nsapato, katakhala pa bwato lakale lovundikira. Kanafungata kabakuli ka pulasitiki kobiriwira, kovundikira ndi mbale. Amayi ako anandiuza pambuyo pake kuti anakuthamangitsa kawiri kuti upite ku sukulu, iwe n'kukana kuti ababa sanadye.

Nditatsika, sunalire, sunandithamangire. Unandiyang'ana ndi nkhope yokwiya n'kunena kuti, “Ababa, mwachedwa. Phala lazizira.”

Abale, phala limenelo linali litauma ngati nsima ya dzulo, mchenga utalowamo, nyerere zitayamba kale kulawa. Ndinakhala pansi pomwepo n'kudya lonse ndi zala. Ndadyapo chambo chootcha, ndadyapo mpunga wa pa maukwati ngati uno, koma chakudya chokoma ngati phala lija sindinachilawenso. Usiku wonse ndinkapempha Mulungu kuti andifikitse kumtunda, osadziwa kuti kumtundako kuli munthu wamng'ono amene sanakayike n'komwe kuti ndibwera. Iye nkhawa yake inali phala basi.

A Yamikani, mkamwini wanga, munthu amene mwatenga ndi ameneyu. Mukachedwa adzakukalipirani, ndisakunamizeni, ine ndi mboni. Koma mukamamva mawuwo muziyang'ananso m'manja mwake, mudzapeza kuti wakusungirani kanthu. Tsiku limene munabwera ndi amalume anu kudzafunsira mbeta, ndinakuonani mukutula chidebe cha madzi pamutu pa agogo ake musanalowe n'komwe m'nyumba. Sindinalankhule kanthu, koma ndinaona. Asebere, mwalera. Zikomo.

Malangizo sindipereka, ankhoswe ndi alangizi agwira kale ntchito yawo, ndipo amaidziwa kuposa ine. Ine changa ndi dalitso, limodzi lokha.

Ana anga, mwera udzabwera. Umabwera panyanja iliyonse, ngakhale pa banja la ine ndi amayi anu wadutsapo. Ndiye ndikupempha Mulungu kuti pakhomo panu pasadzasowe wodikira mnzake. Wina akachedwa, kaya ndi ku ntchito, kaya ndi matenda, kaya ndi mtima umene wapita kutali chifukwa mwayambana, mnzakeyo akhale pagombe ndi kabakuli m'manja. Ndipo wochedwayo akafika, akhale pansi adye, ngakhale litazizira. Chauta akusungeni chotero mpaka imvi, mpaka zidzukulu zanu zidzakudikireni inunso.

Tadala, mayi wanga, pita ndi mtendere. Sindikutaya, Malindi ndi tsidya lomweli, ukayatsa nyali usiku mwina ndiziona ndili pakhonde. Kabakuli kaja amayi ako anakasunga zaka zonsezi, kang'ambika pang'ono m'mphepete. Kali m'katundu wako, pansi pa zitenje.

Ndikuona dzanja layamba kuyandikira jekete. Amayi, tathandizeni ndi nthungululu, mawu andithera. Zikomo.