Kalata kwa makolo: kusintha kwa kaphunzitsidwe ndi kayesedwe ka ana pasukulu pano

Ofesi ya Mphunzitsi Wamkulu
14 Okutobala 2024

Kwa makolo onse ndi onse olera ana ophunzira pasukulu pano,

Okondedwa makolo,

Ndikulemberani m'malo mwa aphunzitsi anzanga ndi komiti ya sukulu kukudziwitsani kuti kuyambira teremu yachiwiri, mu Januwale 2025, tisintha njira yomwe takhala tikuphunzitsira ndi kuyesera ana anu m'makalasi onse, kuyambira Sitandade 1 mpaka Sitandade 8. Tichepetsa kwambiri kuloweza pamtima ndi kuyankha mwachigulu, ndipo m'malo modikira mayeso amodzi a kumapeto kwa teremu, tiziona mmene mwana aliyense akuchitira sabata ndi sabata, n'kumalemba zomwe tapeza. Kalatayi yatalika pang'ono chifukwa ndaona kuti ndi bwino mumve zifukwa zake kuchokera kwa ine, kusiyana n'kuti muzimve mwapatalipatali kuchokera kwa ana.

Ambiri a ife tinaphunzira mwa kuloweza, ndipo ine ndemwe ndinaphunzitsapo motero zaka zambiri. Mphunzitsi amalemba pabolodi, kuloza ndi ndodo, kunena mawu, kalasi yonse n'kubwereza mokweza mpaka mawuwo atakhazikika m'mutu. Munthu wodutsa panja akamva kalasi yotere amakhutira kuti ana akuphunzira, ndipo mphunzitsi mwiniwake amakhutiranso. Vuto lake ndi lakuti m'mawu a chigulu mumabisala ana ambiri. Otsogolera amakhala ochepa okhala kutsogolo, ena amatsatira pambuyo pang'ono ngati mmene munthu amatsatirira nyimbo yomwe sakuidziwa bwino, ndipo ena amangogwedeza milomo.

Teremu yatha ndinayendera makalasi angapo, osati kukafuna zolakwa za aphunzitsi, koma kukamva ana mmodzimmodzi. M'kalasi ina ana ananena tebulo ya 7 yonse bwinobwino, osaphonya ngakhale pamodzi. Nditaitana mtsikana wina yemwe mawu ake ankamveka kuposa a anzake, n'kumufunsa kuti ngati ana 7 ali ndi mapensulo 6 aliyense, mapensulo onse ndi angati, anakhala chete. Yankho lakuti 42 anali atalitchula mphindi zochepa zapitazo, koma sanadziwe kuti funso langa ndi lomwe lija ankaimba. M'kalasi ina mnyamata anandiwerengera tsamba lonse la m'buku la Chichewa mosadodoma, koma nditatseka bukulo n'kulemba liwu limodzi la patsamba lomwelo pakapepala, sanathe kulitchula. Ana amenewa ndi anzeru, ndipo kuloweza tsamba lathunthu ndi umboni wa nzeruzo. Cholakwa chinali chathu: tinkawapempha kubwereza, iwo n'kubwereza, ife n'kuganiza kuti amvetsa.

Mayeso a kumapeto kwa teremu sankatithandiza kuona zimenezi msanga. Mwana amene wasochera pa sabata yachitatu timamuzindikira teremu itatha, pamene mphunzitsi wadutsa kale mitu ina yomwe imadalira mutu womwe mwanayo sanaumvetse. Amene sanamvetse kuchotsera kobwereka adzavutika ndi kugawa, ndipo amene sanagwire maphatikizo a malembo mu Sitandade 1 ndi 2 adzavutika m'maphunziro onse kutsogoloko, pakuti sayansi, ulimi ndi masamu zonse zimafuna kuwerenga. Komanso mayeso a tsiku limodzi amayesa mmene mwana analili tsiku lomwelo. Wina amabwera akudwala, wina amagwidwa ndi mantha, pamene wina amaloweza usiku umodzi, kukhoza bwino, n'kuiwala zonse tchuthi chisanathe.

Njira yomwe tikutenga si yathu tokha ayi. Ndondomeko ya maphunziro a pulaimale yomwe Unduna wa Zamaphunziro unayamba kugwiritsa ntchito mu 2007 imafuna kuti ana aziyesedwa mosalekeza pamene akuphunzira. Kunena zoona, pasukulu pano takhala tikuchita zimenezi mwa apo ndi apo, makamaka chifukwa cha kuchuluka kwa ana m'makalasi, ndipo tsopano tagwirizana kuti tizichite mokwanira.

Zimene zizichitika m'kalasi ndi izi. Mphunzitsi akamaliza mutu, kapena gawo la mutu, azipereka ntchito yaifupi yoonetsa ngati mwana angathe kugwiritsa ntchito zomwe waphunzira. Nthawi zina izikhala mafunso ochepa olemba m'kope, nthawi zina kuwerenga ndime yomwe mwanayo sanaionepo n'kufotokoza m'mawu akeake zomwe wamva, nthawi zina kuyeza utali wa desiki, kujambula mapu a bwalo la sukulu, kulemba kalata, kapena kugwira ntchito pagulu mphunzitsi akuyang'ana zomwe aliyense akuchita. Ana a m'makalasi aang'ono aziyesedwa kwambiri pakamwa, mmodzimmodzi, anzawo akugwira ntchito ina. Ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku sizikhala ndi malikisi olowa pa lipoti, chifukwa cholinga chake ndi chakuti mphunzitsi aone pomwe mwana wakodwa, amuuze chokonza, ndipo ngati okodwa ali ambiri abwereze phunzirolo mwa njira ina. Koma m'phunziro lililonse muzikhala ntchito zinayi pa teremu zomwe malikisi ake azilembedwa m'buku la mphunzitsi, ndipo ana aziuzidwa pasadakhale kuti ntchito yakutiyakuti ndi imodzi mwa zinayizo.

Mayeso a kumapeto kwa teremu sitikuwathetsa. Malikisi a pa lipoti azichokera mbali ziwiri: 40 pa 100 kuchokera ku ntchito zinayi zija, ndi 60 pa 100 kuchokera ku mayeso omaliza. Mwachitsanzo, mwana amene wapeza 30 pa ntchito za m'kati mwa teremu ndi 36 pa mayeso omaliza adzakhala ndi 66. Pambali pa malikisi padzakhala mulingo wosonyeza pomwe mwana wafika: 4 kwa amene wapeza 80 kapena kuposerapo, 3 kuyambira 60 mpaka 79, 2 kuyambira 40 mpaka 59, ndi 1 kwa amene sanafike 40, kutanthauza kuti akufunika thandizo lapadera. Mphunzitsi azilembanso mawu ochepa onena chimene mwana akuchidziwa ndi chimene chikumuvuta, monga kuti amaphatikiza bwino manambala koma amasokoneza akafika pobwereka.

Ndikudziwa kuti funso loyamba lomwe mwana amakumana nalo pakhomo tsiku lotsekera ndi lakuti, “Wakhala nambala chani?” Tinakambirana nkhaniyi nthawi yaitali, ndipo si aphunzitsi onse amene anagwirizana nazo poyamba, koma tamanga mfundo yakuti kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 sitizilembanso nambala pa lipoti kapena kuitana mayina pabwalo motsata nambala. Nambala imangokuuzani kuti mwana wanu waposa angati, osati zomwe akudziwa. Mwana angathe kukhala nambala 5 m'kalasi yomwe ambiri sadziwa kuwerenga, iyenso osadziwa, pamene wina angathe kuchoka pa malikisi 25 kufika pa 50, komwe ndi kulimbikira kwakukulu, koma nambala yake osasuntha kwenikweni chifukwa anzake nawonso akwera. Kuyambira Sitandade 5 nambala ikhalapobe chaka chino, ndipo tidzamva maganizo anu tisanasinthe china chilichonse.

Makolo a ana a Sitandade 8 musade nkhawa. Mayeso a MANEB alipobe monga mwa nthawi zonse, malikisi a pasukulu pano salowa m'zotsatira za mayesowo, ndipo tipitiriza kukonzekeretsa ana ndi mayeso oyeserera komanso mapepala a zaka zam'mbuyo. Chomwe ndaona pa zaka zomwe ndaphunzitsa kalasi imeneyi n'chakuti mwana woloweza amagwa funso likangotembenuzidwa pang'ono, pamene womvetsa amalizindikira ngakhale litabwera m'mawu achilendo.

Sindikunena kuti kuloweza konse n'koipa. Matebulo, maliwu a malembo, masipelo a mawu a Chingerezi ndi ndakatulo ziyenera kukhala m'mutu, ndipo mwana amene amawerenga zala pofuna 6 kuchulukitsa ndi 7 amachedwa pa masamu aakulu. Zimenezi tipitiriza, kungoti mwana aziyamba waona ndi timiyala kapena timitengo chomwe kuchulukitsa kumatanthauza, kenako n'kuloweza.

Ena mwa inu mufunsa ngati malikisi operekedwa ndi mphunzitsi m'kalasi sangabweretse kukondera. Funsoli ndi loyenera, ndipo tayesetsa kutseka mipata. Ntchito iliyonse yolowa pa lipoti izikhala ndi mfundo zochongera zolembedwa ntchitoyo isanaperekedwe, aphunzitsi a kalasi imodzi azisinthana mapepala ena n'kuchongerana, ndipo ine ndi wachiwiri wanga tiziona mabuku a malikisi mwezi uliwonse. Mwana aliyense akhala ndi envelopu yosungiramo ntchito zake zochongedwa, yomwe izikhala kusukulu kuno, ndipo kholo lili ndi ufulu wobwera kudzaiona ndi kufunsa chifukwa chomwe mwana wapatsidwa malikisi akutiakuti. Sindikubisirani kuti ntchitoyi ndi yolemetsa kwa mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 80, choncho mwina m'miyezi yoyamba makope ena azichedwa kubwerera. Zikatero tiuzeni, koma mutilezere mtima.

Kwa inu tikupempha zinthu zochepa, ndipo chachikulu ndi chakuti ana asamajombe. Kale mwana ankatha kusowa masabata awiri n'kudzatulukira nthawi ya mayeso, koma tsopano kujomba kuzimutayitsa malikisi. Amene wadwala kapena wagweredwa zovuta pakhomo adzapatsidwa mpata wolemba ntchito yomwe anaphonya, malinga ngati kholo latidziwitsa. Ana amene apezeka pa mulingo 1 azitsala mphindi 30 akaweruka Lachiwiri ndi Lachinayi kuti athandizidwe, popanda kulipira kalikonse, ndipo musaone ngati ndi chilango kapena kuwakalipira nazo. Ntchito ya kunyumba musawalembere inu kapena akulu awo, chifukwa yankho lolakwa lolembedwa ndi mwana limatithandiza kuposa lokhoza lolembedwa ndi wina. Madzulo mungathe kumufunsa mwana kuti akufotokozereni zomwe waphunzira m'mawu ake, ndipo ngakhale kholo lomwe silinapite patali ndi sukulu limatha kumva ngati mwana akufotokoza kapena akungoimba.

Tidzakhala ndi msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi Lachisanu pa 25 Okutobala 2024, nthawi ya 2 koloko masana, m'kalasi ya Sitandade 8. Tidzakuonetsani chitsanzo cha lipoti latsopano ndi ntchito zina zomwe ana a Sitandade 3 ayamba kale kuyeserera, ndipo aphunzitsi a makalasi onse adzakhalapo kuti ayankhe mafunso anu. Amene simudzatha kubwera mungathe kundipeza ku ofesi Lolemba kapena Lachitatu m'mawa. Chonde sainani m'kope la mwana wanu posonyeza kuti kalatayi yakufikani, ndipo ngati pali mnzanu amene amavutika kuwerenga, muthandizeni pomuwerengera.

Ine wanu pa ntchito yophunzitsa ana athu,

Mphunzitsi Wamkulu